Kope la Patebulo: Katundu wa Ukwati ndi Eni Ake

Pulogalamu ya Zapabanja Pathu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Thonje lagulitsidwa, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo maukwati ayamba kulengezedwa m'matchalitchi. Lero tikamba za tebulo limene limaikidwa kuseri, pafupi ndi mafuwa, lija pamafikira ufa, mchere, mafuta, mbale ndi sopo. Ndili ndi mayi wa ku Msoro amene wakhala akutsogolera ophika pamaukwati kwa zaka zambiri. Amayi, mwaswera bwanji?

AMAYI: Ndaswera bwino, mwana wanga, kaya inu ndi omvera onse.

WOULUTSA: Taswera. Omvera, tengani kope ndi cholembera, chifukwa pali zolemba. Amayi, tiyambire pa vuto lenileni. Katundu amalonjezedwa pamsonkhano wa banja, anthu amaomba m'manja, koma tsiku likafika mchere palibe. Zimalakwika pati?

AMAYI: Zimalakwika pa mawu amodzi, akuti "a". Mlembi amalemba kuti mafuta abweretsa a kuchimuna, nkhuni a m'mudzi, mbale amayi a kutchalitchi. Tsono a kuchimuna ndi anthu makumi atatu, ndipo aliyense akuyesa kuti mnzake wagula. Loweruka m'mawa mulibe woti mumufunse. Ine ndimakana mzere uliwonse umene ulibe dzina la munthu mmodzi, munthu woti ndingathe kumutumira mwana kapena kumuimbira foni. Ngakhale nkhuku khumi zichokere m'makomo khumi, wozisonkhanitsa akhale mmodzi, ndipo dzina lake ndilo lilembedwe.

Chinanso, dzina lisalembedwe mwini wake palibe. Amati, "Alamu a ku Lusaka ali pantchito, tiwalembe mpunga." Alamuwo sakudziwa n'komwe. Munthu avomere ndi pakamwa pake, anene kuchuluka kwake, anenenso tsiku limene chinthucho chidzafike. Ngati ali kutali, aimbiridwe foni pamsonkhano pomwepo onse akumva.

WOULUTSA: Kopelo lilembedwe motani?

AMAYI: Tengani kope la ana asukulu, mutsegule masamba awiri oyang'anizana, mujambule mizere yotsika kuti pakhale zipinda zisanu ndi ziwiri. Choyamba, chinthu. Chachiwiri, kuchuluka kwake. Chachitatu, wobweretsa. Chachinayi, tsiku lofikitsa. Chachisanu, zimene zafikadi, chifukwa lonjezo ndi katundu wofika nthawi zambiri sizifanana. Chachisanu ndi chimodzi, wogwiritsa ntchito patsikulo. Chomaliza, zobwezedwa.

WOULUTSA: Ndibwereze kuti olemba asatsalire. Chinthu, kuchuluka, wobweretsa, tsiku, zafika, wogwiritsa ntchito, zobwezedwa. Koma wobweretsa ndi wogwiritsa ntchito si munthu mmodzi?

AMAYI: Kawirikawiri ayi. Atsibweni abweretsa ufa, koma sadzagwira mthiko. Ufa ukafika patebulo, ntchito yawo yatha, ndipo yayamba ya mkulu wa ophika nsima. Mukapanda kulekanitsa anthu awiriwa, atsibweni amanena kuti ndinapereka, ophika amanena kuti sitinauone, pomwe thumba lili m'nyumba ina, chitseko chokhoma, mwini kiyi ali kutchalitchi.

WOULUTSA: Nanga kopelo asunga ndani?

AMAYI: Apa mabanja ambiri amasankha molakwika chifukwa cha ulemu. Amapatsa amake a mkwatibwi. Mayiyo tsiku limenelo ali ndi alendo, akufunika kutchalitchi, asewere ake afika, mtima uli m'mwamba. Ankhoswe nawonso ayi, ntchito yawo ili pafupi ndi akwati. Wosunga tebulo akhale munthu amene wavomera kuti mwambo wa kutchalitchi sadzauona. Ndinene momveka, chifukwa ndi nsembe ndithu: pamene anzake akuimba ku Luka Woyera, pamishoni paja anayambitsa Bambo Leonard Kamungu, iye adzakhala pansi pa mtengo akuwerenga masupuni. Ndimakonda mayi wamng'ono wa mkwatibwi, kapena msuweni wamkulu wodziwa kulemba, amene angathe kukaniza ngakhale agogo popanda kuwanyoza.

Ndipo akhale ndi mnzake wochokera mbali inayo. Kwathu kuno, kwa Akunda ndi Achewa, mbumba ndi ya kuchikazi, ndipo nthawi zambiri phwando limakhala kwawo kwa mkazi. Choncho kope agwire wa kuchikazi, koma wa kuchimuna aime pambali pake powerenga chilichonse cholowa. Katundu wa mabanja awiri akawerengedwa ndi banja limodzi, mawu otsala amakhala ambiri, ndipo amene adzawamve kwa zaka ndi akwatiwo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tiyeni titenge chitsanzo. Ukwati uli Loweruka, kumayambiriro a Okutobala, m'mudzi wina kufupi ndi Msoro. Oitanidwa ndi 200. Tiyambire pati?

AMAYI: Tiyambire pokana nambala imeneyo. Kumudzi ukwati sulowera pakhadi. Oitanidwa akakhala 200, ine ndimaphikira 250. Ana a m'mudzi adzabwera, a kwaya adzabwera, woyendetsa galimoto ndi omuthandiza nawo adzadya.

Mzere woyamba ndi ufa. Muyeso wanga ndi wakuti kilogalamu imodzi ya ufa imadyetsa akulu asanu. Anthu 250 ndiye kuti makilogalamu 50, matumba awiri aja a 25. Koma onjezani thumba lachitatu, chifukwa alendo akutali amafika Lachinayi kapena Lachisanu, ndipo ophika, otunga madzi ndi otema nkhuni amadya asanayambe ntchito. Tilembe makilogalamu 75. Wobweretsa, atsibweni aakulu a mkwatibwi, eni mbumba.

Tsono tsiku lofikitsa lisakhale Lachisanu. Ngati banja likufuna ufa woyera, chimanga chiyenera kukonoledwa, mphale iviikidwe masiku awiri kapena atatu, itsukidwe, iyanikidwe, ipite kuchigayo, ufa uyanikidwenso. Ndi ntchito ya mlungu wathunthu, ndipo chigayo chikhoza kufa kapena kusowa mafuta tsiku limene mwachifuna. Kumbukiraninso kuti chimanga chimachepa pokonola. Thumba la makilogalamu 50 silitulutsa ufa woyera wa makilogalamu 50, gawo lalikulu limapita ku gaga. Kuti mupeze 75, konzani matumba atatu a chimanga. Ndimalemba kuti ufa ufike Lachiwiri.

WOULUTSA: Wosunga tebulo alibe sikelo. Adziwa bwanji kuti wakwana?

AMAYI: Ayese ndi ndowa. Atenge thumba lopanda kanthu la makilogalamu 25, alidzaze, aone kuti lalowa ndowa zingati, basi muyeso wapezeka. Alowetsenso dzanja mpaka pansi pa thumba. Ufa wosauma bwino umamveka wofunda kapena wozizira mwachinyontho, umaumbika ukaufinya, ndipo umanunkha chuku. Wotere uyanikidwenso pamphasa tsiku lomwelo. Lachiwiri nthawi yochitira zimenezi ilipo, Loweruka m'mawa palibe.

WOULUTSA: Ndiwo.

AMAYI: Kuchigwa kuno ng'ombe si zambiri ngati kumtunda, tadalira mbuzi ndi nkhuku. Mbuzi yabwino ya kumudzi imatulutsa nyama ya makilogalamu khumi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ikadulidwa mosamala imakwanira anthu pafupifupi 100. Mbuzi ziwiri, anthu 200. Nkhuku imodzi timaidula nthuli khumi, ndiye nkhuku khumi zitipatsa nthuli 100. Pamodzi takwanitsa 250 ndi zotsalako za akuluakulu. Mbuzi tilembe atsibweni a mkwati. Nkhuku tilembe azakhali a mkwatibwi, ndiwo ayende m'makomo kusonkhanitsa.

Pa nkhuku ndichenjeze. Lonjezo la mwezi wa Juni silidalirika mu Okutobala, chifukwa nyengo yotentha ino ndiyo chitopa, ena amati chideru, chimasesa makola. Azakhali ayendere makomo onse kutatsala milungu iwiri, aone ndi maso kuti nkhukuzo zili moyo. Yozyolika, yogwetsa mapiko, yopotoka khosi, isalandiridwe, ndipo isasakanizidwe ndi zinzake. Mbuzi nazo zifike Lachinayi zili zamoyo, zimangidwe pakhomo pomwe pali phwando. Mbuzi imene ikadali kubusa Lachisanu madzulo musaiwerengere kuti yafika.

Kupha kuchitike Loweruka m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko. Kutentha kwa Okutobala kuno kumafika madigiri 40, ndipo firiji midzi yambiri ilibe. Nyama yophedwa Lachisanu masana n'kugona m'beseni imadzuka itasintha mtundu, yoterera, ndipo fungo lake simungalibise ndi anyezi. Wopha ndi wosenda alembedwe dzina, pamodzi ndi mipeni iwiri yonoledwa, chingwe ndi mabeseni awiri, lina la nyama, lina la zam'kati.

WOULUTSA: Ena amati kuchigwa ndiwo sizisowa, wina akhoza kubweretsa ya m'tchire usiku.

AMAYI: Wosunga tebulo aikane. Tili m'dera la Lupande loyang'aniridwa ndi a zanyama, ndipo kupezeka ndi nyama ya m'tchire popanda chilolezo ndi mlandu womangitsa. Simudziwanso kuti inafa liti, inafa bwanji. Chimene sichinalembedwe m'kope chisalowe mumphika wa ukwati.

WOULUTSA: Zogula kusitolo?

AMAYI: Izi zonse ndimazipereka kwa munthu mmodzi, woti apite ulendo umodzi ku Katete kapena ku Chipata, ndalama zitasonkhanitsidwa kale. Tinene kuti ndi mkulu wake wa mkwati. Mpunga makilogalamu 25, popeza nsima iliponso. Mafuta ophikira, amene kuno timati saladi, malita 10. Mchere makilogalamu awiri. Shuga makilogalamu asanu wa tiyi wa alendo ogona ndi wa thobwa. Anyezi makilogalamu asanu. Sopo wamtanda anayi, machesi, ndi botolo la klorini. Abwere ndi malisiti, amatidwe kumapeto kwa kope. Apite Lachitatu. Akaiwala kanthu, Lachinayi ndi Lachisanu alipo oti wina wobwera ku ukwati atengere.

Matimati ndi kabichi zokha zidikire Lachisanu, chifukwa zimafota. Kabichi wamkulu mmodzi amakwanira anthu khumi ndi asanu, ndiye tilembe mitu 17. Matimati dengu limodzi lalikulu. Wobweretsa akhale wachibale amene ali ndi dimba, kapena wodziwana ndi a madimba.

Ndipo ngati banja laumirira kuchita ukwati m'dzinja, masiku onsewa abwerere m'mbuyo ndi mlungu wathunthu. Aliyense wa ku Msoro akudziwa zimene Lupande amachita mvula ikalimba. Katundu amene ali tsidya lina la mtsinje ndi katundu amene mulibe.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Amayi, tisanalowe muno munandiuza kuti mzere wovuta koposa si wa nyama.

AMAYI: Ndi wa madzi. Palibe amene amaimirira pamsonkhano kunena kuti ine ndidzabweretsa madzi, chifukwa salemekezetsa munthu ngati mbuzi. Amati atsikana adzatunga. Atsikanawo Loweruka ali pamzere wovina, ena apita kukakonzetsa tsitsi.

Tiwerenge. M'kutentha kuja munthu amamwa malita awiri pa tsikulo. Anthu 250, malita 500. Ndi zigubu 25 za malita 20. Osamba m'manja, theka la lita munthu aliyense, malita 125, zigubu zisanu ndi ziwiri. Ophikira nsima, mpunga ndi ndiwo, ndi otsukira mbale, ndimayika madiramu atatu aja aakulu. Zonse pamodzi zapitirira malita 1,200. Mjigo umodzi wopopa ndi manja, umene mudzi wonse ukudaliranso, sungakupatseni madzi amenewa m'mawa umodzi. Kutunga kuyambe Lachinayi, ndipo anyakwawa kapena a komiti ya pamjigo auzidwiretu.

Ntchito iyi ndimaipereka kwa mwamuna, mlongo wake wa mkwatibwi kapena mlamu amene ali ndi ngolo kapena njinga, ndi anyamata anayi olembedwa mayina. Madiramu a madzi akumwa akhale awoawo, otsukidwa, ovundikiridwa, oikidwa pamthunzi. Diramu kapena chigubu chimene munali mankhwala a thonje, kapena mafuta a galimoto, chisayandikire n'komwe, ngakhale wina alumbire kuti anachitsuka. M'midzi yolima thonje ngati yathu, wosunga tebulo anunkhize chigubu chilichonse chobwerekedwa.

WOULUTSA: Pa klorini ndionjezepo. Kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 inakula mpaka bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala mu Januwale 2024, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Alendo a ukwati amachokera kutali, amadyera pamodzi, n'kubalalikanso. Muyeso wa klorini walembedwa pabotolo, ndipo mukathira mudikire mphindi 30 musanamwe.

AMAYI: Ndipo wothira akhale mmodzi, yemwe uja wa madzi. Akathira, amange kansalu pachigwiriro cha chigubu kuti aliyense adziwe kuti ichi chathiridwa. Mukasiyira aliyense, china chimathiridwa kawiri anthu n'kukana kumwa chifukwa cha fungo, china sichithiridwa konse. Potungira pakhale kapu imodzi ya chigwiriro chachitali, yosamwera. Ndipo zosambira m'beseni limodzi anthu makumi asanu tinazisiya. Ana awiri aime ndi jagi ndi sopo, athirire munthu aliyense, beseni likhale pansi lolandira madzi akuda. Ana amenewanso alembedwe m'kope, ndi mkulu wowayang'anira.

WOULUTSA: Thobwa?

AMAYI: Ndi la agogo aakazi, kapena mayi aliyense amene mudzi umamudziwa kuti dzanja lake ndi labwino. Kapu ya theka la lita kwa anthu 250 ndi malita 125, ndowa zisanu ndi ziwiri. Chimera chiyambe kukonzedwa kutatsala milungu iwiri, chifukwa kuviika, kumeretsa, kuyanika ndi kusinja zimadya masiku. Kuphika kukhale Lachisanu. M'chisanu cha Juni mukhoza kuphika Lachinayi, koma mu Okutobala thobwa la Lachinayi limafika Loweruka masana litasasa, likuchita thovu, layamba ulendo wa ku mowa, ndipo ana ndi a mpingo simungawapatse.

Nkhuni ndidutsepo msanga. Ngolo imodzi yodzaza ya nkhuni zouma, zifike Lachitatu, wobweretsa mwamuna mmodzi wa kuchikazi. Mafuwa a mapoto aakulu akonzedwe Lachisanu, mapotowo ayesedwepo.

WOULUTSA: Tifike pa zobwereka, chifukwa makalata amene timalandira pano ambiri ndi a mbale zosowa.

AMAYI: Ndi zimene zimadanitsa anthu ukwati utatha. Choyamba, simufunika mbale 250. Mbale 120 zikwana ngati anthu adya m'magulu ndipo otsuka alipo. Makapu chimodzimodzi. Masupuni a mpunga 100. Mapoto aakulu asanu ndi limodzi: awiri a nsima, limodzi la mpunga, limodzi la mbuzi, limodzi la nkhuku, limodzi la kabichi. Mithiko ikuluikulu inayi, zipande zinayi, mabeseni ogawira khumi.

Kumapeto kwa kope tsegulani tsamba la khomo lililonse lobwereketsa. Mulembe dzina la mwini, chimene wapereka, ndi chizindikiro chake. Chizindikiro chiikidwe kunsi kwa mbale ndi penti kapena utoto uja wa zikhadabo: khomo ili kadontho kofiira, lija timadontho tiwiri, za kutchalitchi kamtanda. Kuwerenga kuchitike mwini ali pompo. Mbale yong'aluka kale ionetsedwe kwa iye nthawi yomweyo ndi kulembedwa, kuti Lamulungu asadzati mwandiswera. Wosonkhanitsa ndi wobweza akhale munthu yemweyo, tinene kuti mkulu wake wa mkwatibwi. Amene anabwereka ndi nkhope yake ndiye amachita manyazi zikasowa, ndiye amasamala.

Ndipo banja ligwirizaniretu kuti chikasweka kapena kusowa alipira ndani. Ine ndimapempha kuti pa ndalama za ukwati apatulepo kangachepe kosungira zimenezi, kasakhudzidwe mpaka zonse zitabwezedwa.

WOULUTSA: Tsiku lafika. Wosunga tebulo agwira ntchito bwanji?

AMAYI: Kuwerenga kuli katatu. Koyamba ndi Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa likadalipo. Awiri aja amatenga kope, kuitana mzere uliwonse, kugwira chinthucho ndi dzanja, n'kulemba m'chipinda cha zafika. Akapeza kuti mafuta afika malita asanu m'malo mwa khumi, sakalipa. Amapita kwa mwini dzina, ndipo ngati iye walephera, amauza atsibweni a mbali yakeyo kuti aone chochita usiku usanagwe. Katundu akagone m'chipinda chimodzi, kiyi akhale ndi wosunga tebulo m'khosi.

Kachiwiri ndi potulutsa, Loweruka. Apa lamulo langa ndi lakuti musatulutse zonse nthawi imodzi. Chigubu chathunthu cha mafuta chikaikidwa pamafuwa, dzanja la wophika limapepuka, ndipo pofika pa kabichi mafuta atha. Ndimagawa chonchi: malita atatu ku nkhuku, awiri ku mbuzi popeza ili ndi mafuta ake, awiri ku kabichi, limodzi ku mpunga, awiri atsale patebulo. Ufa utuluke thumba limodzi, lachiwiri lidikire gulu loyamba litadya. Poto aliyense ali ndi mwini wake wolembedwa, ndipo ndi yekhayo amene amabwera kudzatenga. Mwana akabwera kuti andituma shuga, afunsidwe kuti wakutuma ndani, ndipo wotumayo abwere yekha.

WOULUTSA: Angadziwe bwanji kuti zinthu zayamba kupendekeka?

AMAYI: Ayang'ane gulu loyamba likamatha kudya. Ngati gawo limodzi mwa atatu la anthu ladya koma poto wa nyama wafika pakati, ogawa akuchulutsa, ndipo omaliza, amene nthawi zonse amakhala ana ndi ophika, adzadyera msuzi. Apite kwa wogawa, achepetse nthuli. N'chifukwa chake ndimapatuliratu beseni la ophika ndi otunga madzi anthu asanayambe kudya. Ayang'anenso mulu wa mbale zakuda. Ukamakula, ndiye kuti madzi otsukira atha kapena otsuka apita kukaonera gule, ndipo gulu lachiwiri liima pamzere popanda mbale.

Chinanso ndi nthawi. A zaumoyo amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale chongoikidwa kupitirira maola awiri, ndipo mpunga ndiwo umaonongeka msanga. Mwambo wa kutchalitchi ukachedwa, kujambulitsa kukatenganso nthawi, mpunga wophikidwa 9 koloko umadyedwa 3 koloko. Choncho pakhale munthu mmodzi kutchalitchi, wolembedwa m'kope, woti aimbe foni akwati akamasaina. Nsima ndi mpunga ziyambe pamenepo. Nyama ikhale pamakala ikutentha, yovundikira.

WOULUTSA: Mwatchula kusaina. Mphete ndi makalata zimakhalanso patebuloli?

AMAYI: M'kope zilembedwe, koma patebulo ayi. Mphete, zitupa za akwati ndi za mboni, makalata onse amene abusa kapena ansembe anapempha, ndi cholembera, zimenezi ndi za ankhoswe, m'thumba limodzi, ndipo wosunga kope azione ndi maso Lachisanu. Ukwati wolembetsa umafuna mboni zosachepera ziwiri, ndiye mbonizo zidziwe nthawi yonyamuka. Keke ndi mpeni wake zikhale ndi mayi woyang'anira ovina, m'chipinda chozizira koposa, ndipo miyendo ya tebulo lake iikidwe m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere.

Mphatso ndi ndalama zofupa nazonso zikhale kwina, ndi kope lakelake, ndi anthu ena awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Mukaphatikiza, poto watsopano wa mphatso amapezeka ali pamoto, ndipo mbale zobwereka zimakwera galimoto ndi akwati. Munthu asatengenso ndalama m'mbale yofupira kukagulira mchere. Wosunga tebulo akhale ndi kandalama kake ka zadzidzidzi, ndipo chilichonse chimene wagula alembe.

Patebulo pakhale kabokosi kamodzi kamene anthu amaiwala: singano ndi ulusi woyera ndi wakuda, mapini, lumo latsopano, chitenje chapadera, zovalira za amayi akakhala kumwezi, panado, bandeji, ndi timapaketi ta mankhwala a mchere ndi shuga aja a otsegula m'mimba, kamodzi kosungunula m'lita imodzi ya madzi abwino. Ngati m'banjamo muli namwino kapena wothandiza zaumoyo m'mudzi, dzina lake lilembedwe pamenepo. Matochi awiri ndi nyale ya sola yotchajidwa, wobweretsa mdzukulu mmodzi. Komabe pulogalamu ikonzedwe kuti ithe kukadali koyera, makamaka ngati alendo ena akuchokera kumidzi kumene njovu zimayenda usiku.

WOULUTSA: Kuwerenga kwachitatu.

AMAYI: Kuyambe Loweruka lomwelo dzuwa lisanalowe, kumalizidwe Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Mbale zambiri sizibedwa. Zimachoka ndi chakudya. Wina watengera agogo amene sanathe kubwera, wina wapatsidwa nyama yotsala, mbale yapita. Konzeranitu timapepala ta pulasitiki kapena muuze achibale abwere ndi mbale zawo zotengera, ndipo mbale ya chizindikiro ikatuluka pabwalo, dzina la wotenga lilembedwe.

Zitsukidwe, ziunjikidwe monga mwa zizindikiro, ziwerengedwe, zibwezedwe pofika Lolemba, mwini aikepo dzina kapena chala pa tsamba lake. Zotsala zouma, ufa, mafuta, shuga, sopo, ziwerengedwe pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Kumene zidzapite kukhale kogwirizana kale pamsonkhano woyamba uja. Mabanja ena amapatsa akwati kuti ayambire nyumba, ena amathokozera nazo ophika. Zonse ndi zabwino, malinga zinanenedwa katundu asanatsale. Pomaliza kope liperekedwe kwa atsibweni. Mng'ono wake wa mkwatibwi akadzapeza banja, miyeso yonse ili m'menemo, pamodzi ndi zimene zinachepa ndi zimene zinatsala.

WOULUTSA: Funso limodzi lochokera kwa womvera wa kwa Jumbe. Akuti, bwanji ngati wachibale wamkulu akwiya kuti sanapatsidwe mzere, kapena wapatsidwa waung'ono?

AMAYI: Mizere igawidwe ndi atsibweni ndi ankhoswe, osati ndi wosunga kope, kuti mawu achokere kwa eni mbumba. Wachikulire amene alibe chuma apatsidwe choyenera msinkhu wake, monga kulandira asewere, kulawa thobwa, kapena kudalitsa chakudya, ndipo dzina lake liwerengedwe pamodzi ndi ena onse pamsonkhano. Koma munthu amene banja likumudziwa kuti amalonjeza osafikitsa asapatsidwe ufa, madzi kapena mbuzi. Mumpatse chinthu choti chikapanda kufika anthu adyabe, monga maluwa a patebulo la akwati kapena mphasa zoonjezera.



 

WOULUTSA: Mlungu wamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kayendedwe ka alendo: kubwereka galimoto, kugwirizana mtengo wa mafuta, ndi amene ayenera kukwera ulendo woyamba wopita kutchalitchi. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi.

(NYIMBO YOTSEKERA)